Amwali, yang'anani wotchi

Lizulu, Ntcheu

Amwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwayamba kale ndipo nkhungu ikumatsika phiri m'mawa uliwonse. Anthu ali pakalikiliki kukumba kachewere.

Uthenga wanu uja wandisowetsa tulo. Mwalemba kuti miyezi itatu tsopano mukapita kumwezi magazi akumatuluka ambiri, kenaka mwadziyankha nokha kuti "mwina ndi ukulu." Mwina ndi ukuludi, poti tonse tadutsa zaka 40. Koma mawu akuti "ambiri" sandithandiza. Pa zaka zonse ndagwira unamwino ndamva amayi akuti ambiri pomwe ali bwinobwino, ndipo ena akuti "ndi mmene ndimachitira" pomwe atsala pang'ono kugwa. Maso amanama pa nkhani ya magazi, chifukwa supuni imodzi ikagwera m'beseni la madzi beseni lonse limafiira. Wotchi ndiyo imanena zoona.

Msambo wabwinobwino umatha pasanapyole masiku 7, ndipo magazi onse a masiku amenewo ndi ochepa modabwitsa, masupuni akuluakulu awiri kapena atatu basi. Pali amayi amene awo ndi ochulukirapo chibadwire, makamaka tsiku loyamba ndi lachiwiri. Mayi wotere amasintha padi pakapita maola atatu kapena anayi, nthawi zina amaona timibulu ta magazi oundana ngati njere za nyemba, tsiku lachitatu zimayamba kuchepa, ndipo ntchito zake amagwira ndi mphamvu. Ameneyo ndilibe naye nkhawa.

Ndiye mwezi ukubwerawu chitani izi. Mukavala padi yatsopano yang'anani nthawi pafoni, mulembe. Ikanyoweratu, osati kungodetsedwa pakati koma kunyowa mbali zonse mpaka kudutsira, mulembenso. Ngati yadzaza pa ola limodzi, ina n'kudzazanso pa ola lotsatira, musadikire kuti kuche kapena kuti abwana akupatseni tsiku lopuma. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Izi n'chimodzimodzi kwa amene amavala nyanda, bola akhale ndi nsalu zofanana kukula kuti kuwerengako kukhale ndi tanthauzo.

Ndikuuzeni za mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amene amagulitsa kabichi pamsika pano. Mumamudziwa, munthu wosadandaula. Kwa chaka chathunthu ankasamba masiku 9 kapena 10, amavala mapadi awiri pamodzi ndi chitenje chopinda pansi, usiku n'kumadzuka kawiri kukasintha. Sanauze munthu. Ine ndinazindikira tsiku lina tikuchokera kumjigo. Kamtunda kakang'ono kaja ka kuseri kwa nyumba anatula ndowa kawiri, akupuma mwabefu, dzanja lili pamtima. Nditamugwira dzanja ndinaona chikhatho chili mbuu. Ndinakokera pansi chikope chake, mkati mmene muyenera kukhala mofiira munali motuwa ngati pepala. Pa nsonga ya chitenje anali atamangapo dothi la pachulu loti azidya, chonsecho analibe mimba. Chilakolako cha dothi chimenechi kawirikawiri chimabwera thupi likasowa ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi.

Nditamufunsa za mibulu anati ina imakula kuposa chitsekero cha botolo la zakumwa. Muyeso umenewu muusunge. Magazi akamatuluka pang'onopang'ono thupi limatha kuwasungunula asanatuluke, koma akathamanga kwambiri amaundana, n'chifukwa chake mibulu yaikulu chonchi ndi umboni wakuti akutuluka mopitirira.

Tinakwera minibasi kupita kuchipatala cha pa boma. Anamubaya chala kuyeza kuchuluka kwa magazi m'thupi, anapeza 7. Mayi wosayembekezera amayenera kukhala ndi 12 kapena kuposa, ndipo pansi pa 8 ndiye kuti magazi achepa kwambiri. Anamuyezanso mkodzo kuona ngati ali ndi mimba, kenaka sikani inaonetsa zotupa m'chiberekero, zija amati mafaiburoidi. Si khansa ayi, ndipo amayi ambiri a msinkhu wathu ali nazo osadziwa, koma zikamera chamkati mwa chiberekero zimataya magazi zedi. Anamupatsa mankhwala ochepetsa kutaya magazi oti azimwa masiku a msambo okha, ndi mapiritsi a ayironi amene anamwa miyezi ingapo. Chimbudzi chinkada bii ndi mapiritsiwo, iye n'kuchita mantha kufuna kusiya, ndinachita kumuuza kuti ndi mmene amachitira. Pano akusenzanso ndowa. Chimene chimandipweteka n'chakuti chaka chonse chija tinkadyera mbale imodzi ine osaona kanthu.

Zake zija zinali zopita pang'onopang'ono, za miyezi. Inunso ngati mukupyola masiku 7, mukudzuka usiku kukasintha, kapena mukutopa ndi kukwera masitepe a kuntchito kwanuko, pitani sabata ino ngakhale padi isakudzaza pa ola.

Koma pali zina zosafuna ngakhale kuwerenga mapadi. Ngati munadumphitsa mwezi, kapena mwezi wathawo munangodontheza, kenaka magazi n'kubwera ndi mphamvu, muganize za mimba kufikira atakuyezani. Musanene kuti pa zaka 43 sizingatheke, zimatheka. Kukhoza kukhala kupita padera. Choopsa kwambiri ndi mimba yokhala m'njira ya mazira m'malo mwa chiberekero. Imeneyo kunja magazi amatha kuoneka ochepa pomwe ambiri akutayikira m'mimba. Mayi amamva kupweteka kobaya mbali imodzi ya chinena, nthawi zina mpaka paphewa, akaimirira amaona mdima. Chizungulire chotere, thukuta lozizira, mtima kuthamanga muli chikhalire, kapena kutentha thupi pamodzi ndi fungo loipa, zimenezo n'zodzutsa aneba pakati pa usiku kuti apeze galimoto. Musapite nokha.

Simunandiuze ngati mudakali pa njira yolerera. Jakisoni ndi kam'mkono zimasokoneza masiku, munthu n'kumangodontheza nthawi zosayembekezeka, ndipo lupu ya kopa imatha kuchulukitsa magazi makamaka miyezi yoyambirira. Adokotala mukawauze. Koma njira yolerera isakhale chifukwa chokhalira pakhomo pamene padi ikudzaza pa ola. Komanso ngati mumaona magazi mukakhala malo amodzi ndi abambo, kapena pakati pa mwezi, pemphani akuyezeni khomo la chiberekero. Ndipo mukadzasiya kusamba chaka chathunthu, kadontho kalikonse kobwera pambuyo pake n'kokaonetsa kuchipatala.

Za mankhwala ogula nokha, asipirini mumupewe masiku amenewa chifukwa amachititsa kuti magazi asaundane msanga. Ibupulofeni amachepetsako ululu ndi magazi omwe, koma mumwe mutadya, ndipo osamwa ngati muli ndi zilonda zam'mimba kapena mukukayikira mimba. Chidede ndi bonongwe n'zabwino, idyani, koma sizingabweze magazi amene afika pa 7 pomwe mwezi ndi mwezi akutayikabe.

Ndikudziwa chimene chikukugwirani mwendo, mukuopa kujomba kuntchito ndiponso chilankhulo cha kumeneko. Tengani kapepala kanu ka masiku ndi maola kaja, manambala aliyense amawamva. Mulembepo tsiku limene munayamba msambo womaliza, poti limenelo ndilo funso loyamba adzakufunseni.

Amayi anu ndinawaona Lamulungu kutchalitchi, ali bwino, ndipo za nkhaniyi sindinawauze kanthu. Mukayezetsa mundiimbire, ndikufuna kumva nambala ya magazi anu ndi khutu langa.

Ndine mnzanu wa kalekale,
amake mapasa