Malisiti anapsera m'golosale, mukuti ndikawatenge kuti?

Kwa inu akuluakulu a kampani ya inshulansi imene ndinalembetsako golosale yanga ya pa Chitakale ku Mulanje: ndalemba pano chifukwa foni simukuyankha, ndipo ku ofesi yanu ku Blantyre ndafikako kawiri, thiransipoti yolipira ndekha.

Moto unabuka usiku, kuchokera m'shopu yoyandikana nayo. Kutangocha ndinakuimbirani, kenako ndinakanena kupolisi n'kutenga lipoti. Sindinasese phulusa kapena kuchotsa lata ngakhale limodzi mpaka wodzaona za kuwonongeka uja munamutuma atafika, patatha masiku 6. Anajambula zonse, anawerenganso yekha zigubu zosungunuka.

Mndandanda wa katundu ndinaupereka pamodzi ndi fomu yanu. Ndinalemba chilichonse pachokha: mabelo 12 a shuga, matumba 9 a mpunga a makilogalamu 50, zigubu 7 za mafuta ophikira za malita 20, makatoni a sopo, mpaka machesi. Mitengo ndinaika yooda, osati yogulitsira, chifukwa ndikudziwa kuti phindu simubweza. Zimene anzanga anapulumutsa sindinazibise, ndinazilemba padera. Katundu wopsa anakwana K5,200,000.

Lero papita miyezi itatu, yankho lanu ndi limodzi lomwelo: tibweretsereni malisiti enieni. Akuluakulu, malisitiwo ndi kope la sitoko zinali m'kabati ya pa kauntala, ndipo kabatiyo mnyamata wanu anaiona ili makala. Ine sindinangokhala. Ndinayenda m'maholoselo a ku Limbe kumene ndimaoda, anandisindikizira makope a mainvoisi a miyezi inayi, okhala ndi chidindo. Ndinaonjezapo sitetimenti ya ndalama zimene ndinkawalipira pafoni, ndipo masiku ndi ndalama zake zikugwirizana ndi mainvoisiwo. Ngati umboni umenewu sukukwana, ndiuzeni chimene chikusowa, ndi ndime ya polise, pangano lathu la inshulansi, imene ikunena kuti makope saloledwa. Ine ndaiwerenga kangapo, sindinaipeze.

Za kuchepa kwa inshulansi sindikukana. Ndinalembetsa katundu wa K6,000,000, koma mitengo itakwera, tsiku la motolo m'golosale munali wa K8,000,000. Ndiye kuti mulipira magawo atatu mwa anayi a zopsazo, K3,900,000, n'kuchotsapo gawo limene polise imati ndisenze ndekha. Zikundiwawa, chifukwa pondilembetsa palibe anandiuza kuti ndizikweza ndalamayo chaka ndi chaka, koma ndavomera. Chimene sindingavomere ndi kukhala chete kwanuku, lendi ndikulipirabe, ana awiri ali ku sekondale, woodetsa wina akufuna zake.

Ndikupempha kalata, osati mawu a pafoni: mwavomera kapena mwakana, ndi masamu ake. Ikapanda kufika pomatha masiku 14, ndikatula dandauloli ku Reserve Bank of Malawi, kwa Registrar woyang'anira makampani a inshulansi, ndi makope a zonse ndinakupatsani. Nambala ya kileyimu yanga ndakutumizirani ku uthenga wapadera.