Lipoti la msonkhano wa kawerengedwe ka zithunzi za mayeso a pa intaneti

A Mpando ndi aphunzitsi anzanga, munandituma ku msonkhano umene unakambirana za zithunzi za sikirini zimene ophunzira amatitumizira akamaliza mayeso oyeserera, pofuna kuti tiwalongosolere pamene analakwitsa. Aliyense anafotokoza vuto lake, koma ine ndabwerako ndi mfundo imodzi imene ndikuona kuti ikutikhudza kwambiri: tisanayankhe, tiyambe tatsimikiza kuti funso likuoneka lonse ndiponso kuti mayankho osankhapo ndi okwanira.

Wotsogolera zokambirana anatigawira chithunzi chojambulidwa pa foni, cha mayeso a masamu a mu Moodle, pulogalamu yophunzirira ndi kulemberamo mayeso pa intaneti. Pamwamba panali wotchi yosonyeza nthawi yotsala, yolembedwa `Time left 0:04:32`, ndipo pansi pake panali `Question 7`, `Not yet answered`, `Marked out of 1.00` ndi `Flag question`. Zonsezi zinadzaza pafupifupi theka la chithunzi, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chinali mbali ya funso. Nambala 7 imangonena malo a funso, 1.00 ndi malikisi ake, ndipo wotchi imangotiuza nthawi imene inatsala pamene chithunzicho chinajambulidwa. Pa funso la masamu nambala zoterezi zimasokoneza maso mosavuta, choncho tinalangizidwa kuziphimba ndi chala kapena kapepala, kenako n'kuyamba kuwerenga pa chiganizo choyamba chimene chikufunsa kapena kulamula kanthu.

Funso lenileni linkafunsa nambala zimene zimagawika ndi 3 popanda chotsala, ndipo pankaoneka mayankho atatu: 14, 21 ndi 25. Ambiri a ife tinasankha 21 nthawi yomweyo n'kukhala phee, poganiza kuti tamaliza. Pamenepo wotsogolera anatipempha kuyang'ananso timizere timene tinatidumpha. Pakati pa funso ndi mayankho panali mawu ang'onoang'ono akuti `Select one or more:`, ndipo kutsogolo kwa yankho lililonse kunali kabokosi ka ngodya zinayi. Kabokosi kotere kamalola kusankha mayankho angapo, pamene kachizindikiro kozungulira, kamene kamayendera limodzi ndi mawu akuti `Select one:`, kamalola yankho limodzi lokha. Chinthu chachiwiri chimene sitinachione chinali pansi penipeni. Batani lopitira ku tsamba lotsatira, lolembedwa `Next page`, limakhala pansi pa yankho lomaliza, koma pa chithunzicho silinkaoneka konse, kutanthauza kuti tsambalo linali kupitirira mmunsi. Atatisonyeza chithunzi chachiwiri, chimene anajambula atatsitsa tsambalo, tinaona yankho lachinayi, 36, limenenso limagawika ndi 3. Wophunzira wosankha 21 yokha akanataya gawo la malikisi, ndipo mphunzitsi wodalira chithunzi choyamba akanamuuza molimba mtima kuti makina ndiwo alakwitsa. Izi zinandikhudza, chifukwa wophunzira amakhulupirira mawu a mphunzitsi.

Tinakambirananso za zilembo a, b, c ndi d. Mayeso ambiri amakonzedwa kuti azisakaniza mayankho, moti yankho limene lili pa b kwa wophunzira uyu likhoza kukhala pa d kwa mnzake, kapena kwa yemweyo akabwereza. N'chifukwa chake polongosola tizitchula mawu kapena nambala ya yankholo, monga "21 ndi 36", osati chilembo chake.

Za Kahoot, masewero a mafunso a pa intaneti, tinangodutsapo mwachidule. M'masewero ambiri funso limaonekera pa sikirini ya wotsogolera masewerowo, pamene foni ya wosewera imasonyeza timabokosi tinayi ta mtundu wofiira, wobuluu, wachikasu ndi wobiriwira. Chithunzi cha foni yotere chilibe funso, ndipo palibe chimene tingachite nacho koposa kupempha china. Pa masamba a mafunso aulere vuto limakhala malonda, amene nthawi zina amakhala ndi batani looneka ngati yankho; chizindikiro chake n'chakuti mayankho enieni amafanana kukula, kalembedwe ndi kandandalikidwe, pamene batani la malonda limasiyana nawo.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane zouza ophunzira. Azijambula zithunzi ziwiri kapena zitatu zolumikizana, kuyambira pa nambala ya funso mpaka pa batani la pansi, mzere womaliza wa chithunzi choyamba uzionekanso pamwamba pa chachiwiri, ndipo azidula mbali imene pali dzina lawo. Chithunzi chosonyeza wotchi ikuyendabe tizichiyankha pokhapokha titatsimikiza kuti mayesowo ndi oyeserera kapena kuti anatsekedwa kale.