Zoti ukanene pa tsiku la chitetezo kuntchito

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti moyo uli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo. Wanena kuti akusankha kuti ukayankhule kwa anzako pa 28 Epulo, tsiku lomwe bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linayamba kukumbukira mu 2003 pofuna kulimbikitsa chitetezo ndi umoyo wabwino pantchito, ndipo ukusowa poyambira. Inenso ndinayankhulapo chaka chatha, choncho ndikuuze zomwe ndinaona kuti zimawafika anthu pamtima.

Usakataye nthawi ndi kuwerenga malamulo omwe ali kale pakhoma. Ukasankhe nkhani imodzi yokha, ya ngozi yomwe inangotsala pang'ono kuchitika koma palibe anavulala. Zoterezi ndi zomwe anthu sanena, chifukwa munthu akaterereka n'kudzigwira amangoti "ndapulumuka" n'kumapitiriza ntchito.

Ine ndinawafotokozera zomwe zinachitika m'nyumba yathu yosungiramo katundu. Kagalimoto konyamulira katundu kanali ndi paipi ya oyilo yomwe inang'aluka pang'ono, ndiye paliponse pomwe kaima pankatsala kadontho. Lolemba mnyamata wina anaterereka pakhomo, anapukuta ndi kansanza n'kumapita. Lachitatu mayi wina anatererekanso pomwepo, iye anathirapo utuchi. Lachinayi ndinaona ndekha dontholo, ndipo ndikuvomereza kuti ndinangolilambalala poganiza kuti wina wanena kale. Lachisanu bambo wina wachikulire anabwera atanyamula bokosi lomwe linamutchinga maso, anagwa n'kuthyoka dzanja. Zimandipwetekabe mtima. Anthu atatu tinali tikudziwa, awiri anachitapo kanthu ndi mtima wabwino, koma kupukuta kunkangochotsa chizindikiro pomwe paipi ikudonthabe. Makaniko ataitanidwa anaisintha tsiku lomwelo.

Pamenepo ndi pomwe ukawauze chochita, mwadongosolo lake. Munthu akaona choopsa ayambe waimitsa zomwe akuchita ndi kuchenjeza omwe ali pafupi. Kenako atchinge malowo kapena azimitse makinawo ngati angathe kutero popanda kudziika pangozi. Waya wamagetsi wosendeka asaukhudze, aitane odziwa. Akatero akauze kapitawo nthawi yomweyo, ndipo zilembedwe: malo enieni, nthawi, chomwe waona ndi chomwe wachitapo. Kungoti "pansi pakuterera" sikuthandiza. Koma akalemba kuti "pakhomo lachiwiri pali oyilo m'mawa uliwonse pomwe pamagona kagalimoto," wokonza amadziwiratu kokayang'ana. Ukatsindike kuti ngakhale wapukuta, anenebe, chifukwa chofunika n'kuchotsa gwero la vutolo. Zikwangwani, magolovesi ndi nsapato zolimba n'zofunika ndithu, koma zimabwera pambuyo, pomwe choopsacho chalephereka kuchichotseratu.

Chovuta kwambiri, m'kuona kwanga, ndi kudzudzula mnzako. Munthu amaopa kuoneka ngati kazitape, makamaka ngati wolakwitsayo ndi wamkulu kapena wakhalitsa pantchito. Ukawapatse mawu oti azigwiritsa ntchito. Mmalo moti "mukulakwitsa," anene kuti, "Akulu, taimani kaye, makwerero awa akugwedera, ndikugwirireni." Mawu otere sachititsa munthu manyazi, ndipo ndi ochepa omwe angakane. Wouzidwayo naye aphunzire kuthokoza, ngakhale womuuzayo atakhala kuti wayamba ntchito dzulo. Ine apa ndinangowakumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo onse anakhala chete chifukwa bambo uja anali nafe pomwepo.

Tsiku lisanafike, ukakhale pansi ndi mabwana. Ichi usaiwale. Ukawalimbikitsa anthu kunena, kenako woyamba kunena n'kukalipidwa, kapena mlungu n'kutha popanda yankho, mawu ako onse apita pachabe. Uwapemphe alonjeze pamaso pa onse zinthu ziwiri: kuti wonena choopsa sadzalangidwa chifukwa chonena, komanso kuti aliyense adzauzidwa chomwe chachitika ndi nkhani yake, ngakhale yankho litakhala loti chipangizo chikudikiridwa. Uwachenjezenso kuti buku la malipoti likayamba kudzaza asadabwe kapena kukhumudwa. Kwathu miyezi yoyambirira malipoti anachuluka, osati chifukwa zoopsa zinawonjezeka, koma chifukwa anthu anayamba kukhulupirira kuti akumvedwa. Buku lopanda kanthu pamalo pomwe pali makina ndi katundu wolemera ndi lomwe liyenera kukudetsa nkhawa.

Ukayankhule mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri basi, ndipo nkhani yoyambira ikhale ya kuntchito kwanu komweko, utapempha kaye chilolezo kwa mwini nkhaniyo. Pomaliza ine ndinapempha aliyense kuti asanaweruke ayang'ane pomwe amagwirira ntchito ndi kulemba chinthu chimodzi chomwe wakhala akuchilambalala. Ukayesere zomwezo, ndipo udzandilembere zomwe adzalembe. Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.