Ndinawalembera mayi wamasiye kalata ya chakhumi, pano akulu a mpingo andiitana

Zikomo Alangizi,

Ndine mtsogoleri wa achinyamata pa mpingo wathu, ndipo ndili pa vuto chifukwa cha kalata imene ndinalemba ndi dzanja langa.

Mumpingo mwathu muli mayi wina wamasiye amene amagulitsa tomato pamsika, akulera adzukulu atatu. Mdzukulu wawo mmodzi, yemwe ali m'gulu langa, anandiuza kuti agogo ake anatenga katapila wa K20,000, wobweza K30,000, kuti atseke miyezi imene khadi lawo la chakhumi linali losalembedwa. Mwana wamng'ono atadwala malungo, iwo anakhulupirira kuti ndi temberero la pa Malaki 3:8-10, pomwe akunena za kubera Mulungu. Usiku umenewo sindinagone. Kutacha ndinawalembera kalata, kuti aziwerenga mofatsa paokha.

Ndinawafotokozera kuti Malaki ankalankhula kwa Ayuda amene anali atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, kachisi atamangidwanso ku Yerusalemu. Nyumba yosungiramo imene akuitchula inali zipinda za pakachisi zosungiramo tirigu, vinyo ndi mafuta, ngati nkhokwe. Chakudyacho chinali cha Alevi, fuko limene silinagawiridwe dziko ngati mafuko ena, monga Numeri 18 akunenera. Pa Nehemiya 13:10-12 tikuona zimene zinkachitika nkhokwezo zikakhala zopanda kanthu: Alevi ndi oyimba anasiya ntchito ya pakachisi, aliyense n'kupita kumunda kwake. Ndiye mawu oti m'nyumba ya Mulungu mukhale chakudya ankanena chakudya chenicheni, cholowa m'kamwa. Mazenera akumwamba ndi mawu omwewo amene pa Genesis 7:11 akunena za mvula, ndipo wolusa wa pa vesi 11 ndi chinthu chowononga mbewu m'munda, ngati dzombe. Ndinawatsimikizira kuti malungo a mdzukulu wawo anabwera ndi udzudzu.

Ndinawapatsanso chitsanzo cha pa Levitiko 27:32. Ziweto zinkadutsa pansi pa ndodo ya mbusa, ndipo yachikhumi ndiyo inkapatulidwa. Munthu wa mbuzi 23 ankapereka ziwiri. Wa mbuzi zisanu ndi zinayi analibe yachikhumi yoti apereke.

Koma chimene chinandigwetsa misozi polemba ndi Deuteronomo 14:28-29. Chaka chachitatu chilichonse chakhumi chinkasungidwa m'midzi kuti Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye adye n'kukhuta. Ndiye kuti m'masiku amenewo mayi ngati awa anali mmodzi wa olandira. Ngakhale Malaki yemweyo, pa 3:5, akudzudzula opondereza akazi amasiye.

Sindinawauze kuti asiye kupereka ayi. Ine mwini ndimapereka chakhumi mwezi ndi mwezi, ndipo ndikudziwa kuti abusa amadya, magetsi a tchalitchi amalipiridwa. Ndinangowalozera 2 Akorinto 9:7, kuti munthu apereke monga watsimikiza mumtima mwake, mosakakamizidwa, ndipo ndinawapempha kuti asadzatengenso ngongole chifukwa cha mantha.

Mayiwo maso awo ndi ovuta, choncho anapereka kalatayo kwa mnzawo wa kumvano kuti awawerengere. Mnzawoyo anaijambula pafoni, ndipo pofika Lamulungu inali itazungulira mpingo wonse. Tsopano ena akuti ndikuphunzitsa anthu kubera Mulungu. Mkulu wa mpingo wina, amene ndimamulemekeza ngati bambo anga, anandiimitsa panja n'kundikumbutsa kuti Abrahamu anapereka chakhumi kwa Melkizedeki chilamulo chisanabwere, kuti pa Mateyu 23:23 Yesu sanachithetse, ndiponso kuti Yesu anayamikira mkazi wamasiye amene anaponya timakobidi tiwiri. Mfundo zawozo sindikuzipeputsa. Ndinangokhala chete, ngakhale mumtima ndinkafuna kuyankha kuti mavesi ochepa m'mbuyo mwa nkhani ya timakobidiyo, pa Marko 12:40, Yesu akudzudzula olusira nyumba za akazi amasiye.

Cholakwa changa ndikuchiona. Ndinalumpha abusa ndi akulu a mpingo, pamene nkhani ya chiphunzitso inayenera kudzera kwa iwo. Pa chimenechi ndine wokonzeka kupepesa. Koma andiuza kuti Loweruka likubwerali ndikaonekere pamaso pa akulu, ndipo ndamva kuti akufuna ndikaimirire kutsogolo kwa mpingo n'kunena kuti zimene ndinalembazo ndi zabodza. Mavesiwo ndawawerenganso kangapo, ndipo sindikupeza bodza.

Alangizi, ndingapepese bwanji pa njira imene ndinatsata popanda kukana zimene ndinalemba? Kodi ndikawauze akuluwo za katapila uja, pamene mayiwo sakudziwa n'komwe kuti mdzukulu wawo anandiululira? Panopa mayiwo asiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha manyazi, ndipo wokongoza uja akufuna K30,000 yake mwezi uno ukamatha.

Ine,
Mtsogoleri wa achinyamata