Duku langa likusemphana ndi diresi lomwe ndangoliona pa chithunzi

Okondedwa Mayi Mlangizi,

Ndikulemba kalatayi usiku, anthu onse m'nyumba muno atagona, chifukwa nkhaniyi ndikaiyamba masana amuna anga amangoti ndi nkhani ya nsalu chabe. Ndine mayi wa ku Ngabu, ndipo mwana wanga wachisamba akumanga ukwati ku Blantyre kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Anagwirizana kuti ine ndi asewere anga, mayi ake a mkwatibwi, tidzavale madiresi a nsalu imodzi. Nsaluyo anasankha ndi iwo, telala amene akusoka ndi wawo, ine ndinangotumiza miyezo pa foni, ndipo diresilo ndidzaligwira koyamba tsiku lomwe tidzafike kumeneko, ukwati uli mawa lake. Duku lokha ndinanena kuti ndidzagula ndekha, pamodzi ndi tayi ya bambo a mwana. Pali chifukwa chomwe ndinakanira kuti andigulire, chokhudza mawu amene ananenedwa pa chinkhoswe, koma amenewo sindiwalemba pano.

Mpongozi wanga anatumiza chithunzi cha diresilo pa WhatsApp likadali kwa telala. Pa chithunzicho nsalu inkaoneka yofiira moderapo, mtundu umene amautcha maruni, ili ndi masamba agolide ndi timizere ting'onoting'ono toyera. Ndinakwera minibasi mpaka ku Nchalo foni ili m'manja, ndinayenda m'masitolo ndikuika foniyo pambali pa nsalu iliyonse, mpaka ndinapeza satini ya maruni yomwe m'maso mwanga inali yofanana ndendende ndi ya pa chithunzi. Ndinagula mamita awiri, popeza duku la paukwati limafuna nsalu yokwanira kuti lizungulire mutu ndi kutsala yoti nkuimika pamwamba. Ndinagulanso tayi ya maruni yonyezimira. Ndalama zake zinali zoti zigwire ntchito ina pakhomo, ndipo amuna anga sakudziwa bwino mtengo wake.

Tsopano Lamlungu lapitali kwabwera chithunzi chachiwiri, asewere anga atavala lawo poyesa, ataima panja pakhonde. Mayi, diresi lake si lija ndinaliona ayi. Pa chithunzi chatsopanochi nsalu ikupendekera ku mtundu wa pepo, ngati khungu la biringanya, ndipo masamba aja amene ndinkati ndi agolide akuoneka otuwa, pafupifupi ngati siliva. Nditayala duku langa pambali pa foni, langa likuoneka lofiira kwambiri, loyandikira diresilo koma osafanana nalo, ndipo kuyandikira koteroko ndi kumene kukundipweteka, chifukwa aliyense adzaona kuti mayi uyu anayesa kufananiza koma analephera. Likanakhala la mtundu wina kotheratu bwenzi anthu akuti ndinachita kusankha.

Mwana wanga wamkazi, amene ali kusekondale, wandifotokozera kuti chithunzi choyamba chinajambulidwa usiku pansi pa babu la kuwala kwachikasu, ndipo kuwala kotero kumafiiritsa nsalu ndi kusandutsa zotuwa kukhala ngati golide, pamene chachiwiri chinajambulidwa masana pamthunzi, pomwe zinthu zimapendekera ku buluu. Akuti foni nayo imadzikonzera yokha mitundu pojambula. Tinayesa kutsegula chithunzi chimodzimodzicho pa foni yanga ndi pa ya aphunzitsi oyandikana nafe, ndipo zoonadi mitundu inasiyananso, ya iwo inali yowala kuposa yanga. Ndiye ngati zithunzi zonse ziwiri zikunama, china mbali iyi china mbali iyo, ine ndikhulupirire chiti? Iye akuti ndipemphe chithunzi chachitatu, chojambulidwa panja m'mawa popanda dzuwa kuomba nsaluyo mwachindunji, ataika pepala loyera pambali pake, kuti pepalalo likaoneka lachikasu kapena labuluu ndidziwe kuti chithunzicho chapotoza mitundu. Nzeruyo ndaimva, koma kupempha kumeneko ndiye kukundivuta.

Ndinapemphapo kale kachidutswa ka nsalu yotsala kwa telala, kakang'ono ngati chikhatho, kuti anditumizire ndi munthu wobwera kuno. Anthu amatsika ku Thabwa tsiku ndi tsiku, minibasi za ku Nsanje zimadutsa pano kuyambira m'mawa, ndipo mlamu wawo wa asewere anga anabwera ku Bangula ku maliro, anadutsa pamsewu pomwepa osaima. Yankho limene ndinalandira linali lakuti, "Amayi, musavutike, kungogula lagolide basi, limagwirizana ndi chilichonse." Mawu amenewa angaoneke abwino, koma ine ndinawamva ngati akuti munthu wa kuchigwa sangazindikire mitundu. Ine ndakhala ndikumanga maduku a azimayi a mumpingo mwathu pa maukwati kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti golide ali mitundumitundu, wina wopita ku chikasu, wina wopita ku mkuwa, ndipo ngati masamba a diresilo alidi otuwa, duku lagolide lidzalimbana nawo. Mwana wanga wokwatirayo nditamudandaulira anangoti ndisamuonjezere mavuto. Sindikumuda, ndikudziwa kuti ali ndi zambiri m'mutu, koma ndine mayi ake, ndipo zithunzi za tsikulo zidzapachikidwa m'nyumba mwake moyo wake wonse.

Chimene ndimachidziwa ine nchakuti diresi likakhala ndi maluwa ambiri, duku limayenera kukhala losalemba, ndipo mtundu wake umatengedwa pa mtundu wochepa wa m'nsaluyo, osati waukulu. Potsatira zimenezi ndikanayenera kuyang'ana timizere toyera tija kapena masamba aja. Koma toyerato sindikudziwa ngati ndi toyera mbee kapena tonga mkaka, ndipo duku loyera paukwati ena amati ukupikisana ndi mkwatibwi. Palinso vuto la satini yomwe ndagulayi. Nditayesa kuimanga masana ano, kutentha kwa kuno mukukudziwa, inayamba kuterera pamphumi, ndipo thukuta linasiya chizindikiro chakuda m'mphepete mwake. Ikawombedwa ndi kuwala imanyezimira mpaka mtundu wake kusintha, mbali ina kuoneka yowala mbali ina yoderapo, kotero kuti ngakhale ikanafanana ndi diresilo, pa zithunzi za wojambula ikanaonekabe yosiyana ndi nsalu ya thonje.

Tayi nayo yandisowetsa mtendere. Amuna anga adzavala suti ya buluu woderapo ndi malaya oyera, ndipo pa sutiyo tayi ya maruni ikukhala bwino ndithu, ndinawayesa, nsonga yake ikufika pa lamba monga zimafunikira. Koma akadzaima pambali panga, ine nditavala diresi lopita ku pepo, kodi kufiira kwa tayiyo sikudzaonetsa kusemphana komweko kumene ndikukuthawa pa duku? Kapena tayi imayenera kugwirizana ndi suti yokha, osalabadira chovala cha mkazi?

Ndithandizeni, Mayi. Kodi ndisunge duku lomwe ndagulali poyembekeza kuti mtundu weniweni wa diresi uli pakati pa zithunzi ziwirizi, kapena ndilisiye ndifune losanyezimira, la mtundu wosiyana kotheratu, ndipo ngati ndi choncho mtundu wanji umene ungakhale bwino kaya diresilo likhale la maruni kaya la pepo? Kodi nkwanzeru kudikira mpaka ndikafike ku Limbe ukwati uli mawa, ndikagule diresi lili m'manja, podziwa kuti ndalama yatsala yochepa ndipo tsikulo lidzakhala la piringupiringu? Nanga ndingapemphe bwanji kachidutswa kaja kachiwiri, kudzera kwa ankhoswe kapena kwa asewere anga enieniwo, popanda kuoneka ngati ndikuyambitsa mkangano m'banja la mwana wanga lisanayambe nkomwe?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Ngabu, Chikwawa