Lipoti la msonkhano wa kalembedwe ka imelo yofunsira ntchito za kontirakiti

A wapampando ndi mamembala nonse, zikomo pondituma kumsonkhano wa masiku awiri uja ku Lilongwe. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma. Tinalipo anthu a ntchito zosiyanasiyana, ojambula zithunzi, okonza mawebusaiti, owerengera ndalama, koma ine ndinkamvetsera ndi khutu la ntchito yathu yotayipa mawu ojambulidwa ndi kumasulira. Tsiku loyamba linathera pa nkhani ya kalembedwe ka mbiri ya ntchito, zomwe ambirife tikuzidziwa kale, choncho sindichedwapo. Chomwe ndabwera nacho ndi cha tsiku lachiwiri: imelo yomwe munthu amalembera bungwe lomwe silinalengeze ntchito, n'kunena zomwe amachita, zomwe anachitapo, ndi mtengo wake.

Mphunzitsi anatiuza kuti aliyense atsegule pa foni imelo yomaliza imene anatumiza. Yanga inali ndi ndime zinayi za moni, sukulu zomwe ndinaphunzira ndi kudandaula za kusowa kwa ntchito. Mawu oti "ndimatayipa zokambirana za m'Chichewa" anali m'ndime yachisanu. Mayi wina amene amalemba anthu ntchito zoterezi kubungwe lofufuza anati iye amawerenga maimelo pa foni, nthawi zina ali m'galimoto kupita kumudzi, ndipo mizere itatu yoyamba ikapanda kumuuza zomwe munthu amachita, amangopitirira. Si nkhanza ayi, nthawi ndiyo imachepa. Mutu wa imelo, pamalo polembedwa `Subject`, nawonso unene ntchitoyo, osati mawu wamba ngati "Pempho". Anatichenjezanso za imelo imodzi yotumizidwa kwa mabungwe makumi awiri nthawi imodzi, maadiresi onse akuonekera pamwamba. Woilandira amadziwa pompo kuti sinali yake.

Pa zomwe unachitapo, "ndili ndi luso lambiri" sanena kanthu. Nena kuchuluka kwa ntchito ndi nthawi imene inatenga: maola angati a mawu, masiku angati, zinabwezedwa kangati kuti ukonze. Apa panali mkangano umene umatikhudza ife kwambiri. Zambiri zomwe timatayipa ndi za anthu amene analonjezedwa chinsinsi, ena akukamba za matenda awo, ena za nkhanza za m'banja, ndipo nthawi zambiri timasayinira kuti sitidzaulula. Mnyamata wina anati iye amatumiza tsamba la ntchito yakale atafufuta mayina. Mayi uja anakana. Anati dzina la mudzi, la mfumu kapena la chipatala limakwana kumuzindikira munthu, ndipo amene wamutumizira zotere iye samulemba ntchito, poti mawa adzachita chimodzimodzi ndi zake. Njira yabwino ndi kujambula nokha kucheza kwa mphindi zisanu ndi mnzanu amene wavomera, n'kutayipa, n'kumasulira, chikhale chitsanzo cha tsamba limodzi. Dzina la kasitomala wakale litchuleni pokhapokha atakulolani.

Nkhani ya mtengo ndiyo inandigwira mtima, chifukwa inandionekerapo. Chaka chatha ndinauza bungwe lina mtengo umodzi pa ola lililonse la mawu, ndikuganiza kuti ndi kucheza kwa anthu awiri m'chipinda. Atatumiza mafayilo 12, ndinapeza kuti ndi zokambirana za magulu, amayi asanu ndi atatu pansi pa mtengo wa mango, mphepo ikuwomba pa maikolofoni, mwana akulira, awiri akulankhula nthawi imodzi. Chiganizo chimodzi ndinkachibwereza kanayi ndisanachimve. Ntchito yomwe ndinaiwerengera maola 60 inandidyera maola opitirira 100, ndipo mtengo ndinali nditavomera kale.

Ndiye chifukwa chake mtengo umanenedwa kuyambira pakuti kufika pakuti. Koma kungolemba manambala awiri sikuthandiza, poti kasitomala amaona wotsikawo basi, ndipo ukadzatchula wokwerawo amaona ngati ukumubera. Uyenera kunena chomwe chimakweza mtengowo. Tinawerengera limodzi motere, ndipo manambalawa ndi anga ophunzirira, si mtengo wa gulu. Tinene kuti ndikufuna K40,000 pa tsiku la maola 8, ndiye K5,000 pa ola langa logwira ntchito. Ola limodzi la mawu omveka bwino, a anthu awiri, limanditengera maola 5, yomwe ndi K25,000. Ndikaikapo K5,000 ya bandulo ndi kutchaja laputopu magetsi akathima, ikukwana K30,000. Ola la zokambirana za gulu limanditengera maola 9, ndiye K45,000, kuphatikiza K5,000 ija ikukwana K50,000. Wotsikawo ukhale mtengo umene mungagwirire ntchito osadandaula, chifukwa pokambirana amayambira pomwepo. Ndipo wokwera ukaposa wotsika katatu kapena kanayi, ndiye kuti mwaphatikiza ntchito ziwiri zosiyana, monga kutayipa ndi kumasulira. Zilekanitseni.

Imelo yomwe ndinalemba pomaliza ndi iyi. Ambiri tidzaitumiza m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewa:

"Mutu: Kutayipa ndi kumasulira zokambirana za m'Chichewa. Zikomo mayi. Ndaona kuti mwayamba kafukufuku wa ulimi wothirira ku Dedza. Ine ndimatayipa mawu ojambulidwa a m'Chichewa ndi kuwamasulira m'Chingerezi. Chaka chatha ndinatayipa zokambirana za magulu 12, za ola limodzi chilichonse, m'masabata atatu, ndipo zomwe zinabwezedwa kuti ndikonze ndi ziwiri. Chitsanzo cha tsamba limodzi ndaikamo. Mtengo wotayipa ndi K30,000 mpaka K50,000 pa ola la mawu, msonkho usanachotsedwe: wotsika ndi wa anthu awiri omveka bwino, wokwera ndi wa gulu kapena pamalo a phokoso. Kumasulira kuli ndi mtengo wake. Mukanditumizira mphindi khumi za mawu anu, ndikuuzani mtengo weniweni tsiku lomwelo. Mitengoyi ikhala chomwechi kwa masiku 30."

Mawu awiri m'menemo ali ndi chifukwa chake. "Msonkho usanachotsedwe" alipo chifukwa mabungwe ambiri amadula msonkho wopita ku MRA asanakulipireni, ndipo amafunsa TPIN yanu, nambala yanu ya msonkho. Mukapanda kumvana msanga, ndalama yolowa ku akaunti imadzakhala yochepa kuposa yomwe munkayembekeza. Akadula, funsani chikalata chosonyeza kuti adula. Za masiku 30, tonse tikukumbukira Novembala 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anali atalonjeza mtengo wa ntchito yodzayamba Januwale anagwira ntchitoyo zinthu zitakwera kale.

Si onse anagwirizana nazo zoika mtengo mu imelo yoyamba. Bambo wina wojambula zithunzi anati iye satchula nambala asanamve bajeti ya kasitomala, kuopa kudzitchipitsa. Pa ntchito yake mwina akulondola, poti ukwati uliwonse ndi wosiyana. Pa yathu ine ndikuona kuti tiziika, chifukwa ntchito yathu imayezeka ndi ola la mawu, ndipo wolemba bajeti ya kafukufuku amafuna nambala yoti aike papepala lero. Akapanda kuyankha, kumbutsani kamodzi pakatha sabata, mizere iwiri pansi pa imelo yomweyo, kenako asiyeni.

Pempho langa kwa a wapampando ndi lakuti pa msonkhano wathu ukubwerawu aliyense abwere atadziyeza ndi wotchi: atayipe mphindi khumi za mawu, alembe nthawi imene zamutengera. Popanda nambala imeneyo sitingawerengere mtengo wa munthu aliyense. Ndidzabwera ndi mafayilo awiri amene ndajambula ndi achemwali anga ndi anzawo atavomera, imodzi ya m'nyumba, ina ya pamsika, kuti amene alibe choyeserera adzayesere pomwepo.