Andipeza ndi shuga wa pathupi, kunyumba akuti ndadzichita ndekha

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Ndikulemba anthu onse atagona chifukwa masana ndilibe woti ndimuuze. Pathupi panga pali pa masabata 30, ndipo ndi pachitatu. Za pachiwiripo musandifunse zambiri, mungodziwa kuti mwanayo anali wa makilo oposa 4, anavuta mapewa potuluka, ndipo kunyumba tinabwerera manja ali m'khosi. Nthawi imeneyo palibe anandiyeza shuga, koma apongozi anga mpaka lero amayankhula ngati ndinachita kufuna.

Ulendo uno ndinayamba sikelo msanga ndipo zonse zinali bwino. Nditakwana masabata 26 anamwino anapeza shuga m'mikodzo, anaona za mwana uja m'buku langa la kuchipatala, nkunditumiza ku chipatala chachikulu. Anati mikodzo payokha siitsimikiza kanthu. Ndinapita m'mawa ndisanalawe chilichonse chidyereni nsima ya dzulo lake, anandibaya, kenaka anandipatsa madzi osungunuliramo magalamu 75 a gulukosi, otsekemera mochititsa nseru, kuti ndimwe onse. Anandikhazika pa benchi osandilola kuyendayenda, nkunditenganso magazi patatha ola limodzi, komanso patatha maola awiri. Ndisanamwe anapeza 5.8, pa ola limodzi 9.6, pa maola awiri 8.9. Adokotala anati malire ake ndi 5.1, 10.0 ndi 8.5, ndipo nambala imodzi yokha ikafika pa malirewo ndiye kuti matendawa alipo. Ine ziwiri zinapyola.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji miyezi yoyamba ija kunalibe? Anandifotokozera bwino, sindiwanena. Akuti nsengwa ikamakula imatulutsa mahomoni amene amalepheretsa insulini kugwira bwino ntchito yake yolowetsa shuga m'minofu, cholinga chake nkuti chakudya chambiri chizitsala m'magazi kuti chifike kwa mwana. Zimenezi zimachitika kwa mayi aliyense woyembekezera, makamaka kuyambira cha m'masabata 24 mpaka 28, koma kwa ambiri kapamba amangoonjezera insulini nkuthana nazo. Wanga ndi amene walephera kufika pa mlingowo. Shuga wotsalayo amadutsa pa nsengwa, mwana amapanga insulini yakeyake yochuluka nkumasunga shugayo ngati mafuta, nchifukwa chake amanenepa m'mapewa ndi pamimba. Nditamva zimenezo ndinangoti chete, ndikuganiza za wachiwiri uja.

Kunyumba nkhani inasanduka. Apongozi akuti ndi tiyi amene ndimamwa pamsika. Inde ndimamwa, masupuni atatu a shuga, nanga kuzizira kwa Lizulu mbandakucha munthu ungapirire ndi chiyani? Mlamu wanga amamwa kuposa ine, amatsitsira ndi mandasi awiri, ana ake anayi onse anabadwa bwinobwino. Za iye sanena. Bambo anga ondibereka ali ndi shuga zaka zambiri, ndipo adokotala anati za kumtundu, msinkhu wanga ndi thupi langali zonse zimaonjezera chiopsezo. Nditawauza apongozi anangoti “ndiye mwabwera nazo kwanu.” Bambo a kunyumba anali pomwepo akusenda chimanga chowotcha, osatsegula pakamwa.

Apongozi omwewo, amene akuti ndadzichita ndekha, ndi amene amandipangira thobwa lodzaza chigubu ati mwana akule, ndipo ndikakana akuti ndikuwanyoza. Ndinapita kuchigayo kukagayitsa mgaiwa ndi ndalama yanga, iwo anauthira m'thumba limodzi ndi ufa woyera ati m'nyumba mwa mwana wawo simudyedwa za nkhumba. Thumbalo linali langanso, ndinaligula ndekha pa Tsangano. Mwina ndi nkhani yaing'ono koma imandiwawa.

Zimene anandiuza kuchipatala ndikuyesetsa. Ndinabwereka kamakina koyezera shuga kwa bambo anga, timapepala take ndimagula ndekha ndipo ndi todula. Anati m'mawa ndisanadye kazionetsa pansi pa 5.3, ndipo ola limodzi nditadya pansi pa 7.8. Ndinayesa kuti ndione ndi maso anga. Nditadya mitanda itatu ya nsima yoyera ndi kachewere wokazinga ngati ndiwo, kanaonetsa 9.4. Tsiku lina ndinadya mtanda umodzi wa mgaiwa, nyemba ndi mpiru wodzaza theka la mbale, nkuyenda pang'onopang'ono mphindi 20, kanaonetsa 6.9. Ndinadabwa kumva kuti kachewere amene ndimakhalira kugulitsayu amawerengedwa pamodzi ndi nsima, si ndiwo ayi. Sobo ndinasiya, tiyi ndikumwa wopanda shuga, pakati pa chakudya ndimatafuna mtedza kapena dzira lowiritsa.

Chimene chandisowetsa tulo ndi nambala ya m'mawa. Siitsika. Imangozungulira pa 5.9, 6.1, nthawi zina 6.3. Ndinafika pogona ndi njala usiku kuti mwina itsike, koma m'mawa mwake inali pomwepo, ine mutu ukuwawa, miyendo ikunjenjemera. Anamwino atamva anandikalipira, ati kudzimana chakudya kumachititsa thupi kuyamba kuphwanya mafuta, zomwe si zabwino kwa mwana, ndipo shuga wa m'mawa amachokera kuchiwindi chimene chimatulutsa wake usiku, osati m'mbale mokha. Akuti nsengwa ikukulabe, ndiye vutoli likhoza kukulirakulira mpaka cha kumapeto ngakhale nditadya bwino chotani. Koma kukalipako anachita pamaso pa amayi onse a pa sikelo, ena ndimagulitsa nawo limodzi.

Tsopano akuti zakudya zokha zalephera, ndiyambe mankhwala. Atchula mapiritsi a metifomini, ndipo ngati sakwanira, jakisoni wa insulini wodzibaya ndekha usiku. Akuti insulini safika kwa mwana, pomwe metifomini amadutsako pa nsengwa ngakhale amaperekedwa kwa amayi oyembekezera ambiri. Bambo a kunyumba akukana zonse ziwiri. Akuti apongozi awo, bambo anga aja, anayamba jakisoni ndipo sanasiyenso, ndiye nanenso ndikangoyamba basi ndalowa. Ndawauza zimene ndinamva, kuti kwa amayi ambiri shugayu amatha nsengwa ikangotuluka, kuti adzandiyezanso pakatha masabata 6 mpaka 12 nditachira, ngakhale kuti chiopsezo chodzadwala shuga weniweni m'tsogolo chimakhalabe chachikulu. Iwo anangogwira mawu omalizawo. Furiji tilibe, koma anamwino anati ena amasunga botolo la insulini mu mphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa pamalo ozizira. Ndiye vuto si posunga.

Pa sikani yapitayi anati mwana wakula kuposa masabata ake ndipo madzi achulukirapo. Akufuna ndikachilire ku chipatala chachikulu, mwina asanakwane masiku, mwina ndi opaleshoni, komanso kuti akabadwa ndimuyamwitse msanga ndipo amuyeze, chifukwa insulini yake yochuluka ija ingamugwetsere shuga pansi akangosiyana ndi wanga. Apongozi akuti kwawo kulibe mkazi anang'ambidwapo.

Ndiye ndithandizeni. Ndiyambe mankhwalawa mobisa, ndizibisa m'thumba la kabichi? Akadzawapeza banja silitha? Kapena ndiwakokere bambowa kuchipatala akamve okha, pomwe pa sikelo sanapondepo ati nza amayi? Timapepala tija tikandithera pakati pa mwezi, ndi nthawi iti yofunika kwambiri kuyeza, m'mawa kapena nditadya? Ndipo wachiwiri uja, akanandiyeza nthawi imene ija, bwenzi pano ali sitandade 1? Funso limeneli sindinathe kuwafunsa adokotala.

Lachinayi akundiyembekezera ndi yankho la mankhwalawo.

Ine mayi wosowa mtendere,
Lizulu, Ntcheu